Chithunzi chikuti phindu ndi 73 peresenti, koma tiyeni tiwerengere tokha

Pa magulu a WhatsApp a kuntchito, a pachibale ngakhale a kumpingo, masiku ano pamagwa zithunzi za mtundu watsopano. Munthu amajambula zimene zili pa foni yake, mizere ya manambala ena obiriwira ena ofiira, n'kuponya pa gulu popanda kuchulutsa mawu. Anzake amayamikira, ena amafunsa kuti nawonso angayambe bwanji, koma ndi ochepa amene amakhala pansi n'kufunsa kuti kodi mwini chithunzicho anaikamo ndalama zingati, lero ali ndi zingati, ndipo ndalamazo zaunjikana pati. Maso a tonsefe amathamangira pa nambala yaikulu yobiriwira ili pamwamba, ndiye nkhani imathera pomwepo.

Msika wa masheya wa Malawi Stock Exchange, womwe uli ku Blantyre, si wachilendo. Kampani ya NICO ndiyo inayamba kugulitsa masheya ake pa msikawu mu 1996, ndipo mu 2020 panalowa Airtel Malawi ndi FDH Bank, mayina amene munthu aliyense wokhala ndi foni kapena akaunti ya kubanki amawadziwa. Chachilendo n'chakuti tsopano mphunzitsi kapena namwino amatha kuona masheya ake onse pa tsamba limodzi, kaya lochokera kwa buloka wake kaya pa pulogalamu ya pa foni. Tsambalo limanena zambiri, koma limafuna womafunsa. Masamu ake ndi a ku pulayimale: kuchulukitsa, kuchotsera ndi kugawa. Povuta ndi pamodzi pokha, podziwa kuti nambala iti igawidwe ndi iti.

Tiyeni titenge chithunzi chimodzi n'kuchisenda. Manambala ali m'munsiwa ndi ongoyerekeza, ndipo makampaniwo ndangowatchula ndi ntchito zawo kuti pasakhale wina woganiza kuti ndi mitengo yeniyeni ya pa msika. Mitu ya pamwamba ndaisiya monga imaonekera pa foni.

```
Counter  Quantity  Avg Cost  Price  Market Value
Banki       2,000       150    420       840,000
Mafoni     10,000        25     20       200,000
Shuga         100     1,500  1,800       180,000
Nyumba      5,000        10     16        80,000
Cash                                     200,000
Total                                  1,500,000
```

Quantity ndi kuchuluka kwa masheya amene munthuyo ali nawo. Avg Cost ndi mtengo umene anagulira sheya imodzi, Price ndi mtengo wake lero, ndipo Market Value ndi ndalama zimene masheya onse a mu mzerewo angakwane atagulitsidwa pa mtengo wa lerowo. Cash ndi ndalama zimene zangokhala mu akaunti, sizinagule kanthu. Pamwamba pa zonsezi, mwini chithunzi wazunguliza nambala yobiriwira: +73.3%.

Musanaikhulupirire nambalayo, yambani mwaona ngati mzere uliwonse ukugwirizana wokha. Masheya 2,000 kuchulukitsa ndi K420 ndi K840,000, ndipo ndi zimene zalembedwa. Masheya 10,000 pa K20 ndi K200,000. Mukatero ndi mizere yonse n'kuiwonkhetsa, muyenera kupeza nambala ya pansiyo. Ntchito imeneyi imatenga mphindi ziwiri pa kakyuleta ya pa foni, koma ndi imene imagwira zithunzi zodulidwa ndi zosinthidwa. Ngati mizere yooneka ikukwana K1,300,000 pomwe pansi palembedwa K1,900,000, ndiye kuti pali mizere ina imene yatsalira kunja kwa chithunzi, ndipo kawirikawiri yotsalirayo siikhala yobiriwira. Amene amasintha manambala pofuna kukopa anthu kuti awatumizire ndalama nawonso amakonda kukonza nambala yaikulu yokha, n'kuiwala kuti timanambala ta m'mizere tiwaulula.

Mpamba choyamba

Chithunzi chathu sichikuonetsa ndalama zimene munthuyu analowetsa, choncho tiyenera kuzipeza tokha. Timachulukitsa masheya ndi mtengo wogulira. Ku banki, 2,000 kuchulukitsa ndi K150 ndi K300,000. Ku mafoni analowetsa K250,000, ku shuga K150,000, ndipo ku kampani ya nyumba K50,000. Mpamba wonse ndi K750,000.

Phindu ndi mtengo wa lero kuchotsapo mpamba. Masheya a banki, amene anagulidwa K300,000, lero ali pa K840,000, ndiye kuti abala K540,000. A mafoni anatsika kuchoka pa K250,000 kufika pa K200,000, apo munthuyu waluza K50,000. A shuga ndi a nyumba awonjezera K30,000 uku ndi K30,000 uku. Tikaphatikiza zonse, n'kuchotsapo zoluzazo, tikupeza K550,000. Njira yachidule yotsimikizira ndi kutenga masheya onse pamodzi, omwe ndi K1,300,000, n'kuchotsapo K750,000. Yankho likhale lomwelo.

Tsopano peresenti. Apa ndi pamene anthu ophunzira bwino amapunthwa, chifukwa pa chithunzi nambala yooneka ndi ya lero, ndipo dzanja limafuna kugawa ndi imeneyo. Koma mayi wogulitsa tomato pa msika wa Limbe sangasokonezeke chotere. Akaoda dengu pa K20,000 n'kuligulitsa K25,000, amadziwa kuti K5,000 yabwera pa K20,000 imene anatulutsa m'chikwama, osati pa K25,000 imene wabwera nayo madzulo. Phindu limayezedwa pa mpamba.

```
(Market Value - Cost) ÷ Cost × 100
```

Cost ndiwo mpamba uja tapeza tokha. Ku banki, K540,000 kugawa ndi K300,000 ndi 1.8, ndipo tikachulukitsa ndi 100 tikupeza 180 peresenti. Amene wagawa ndi K840,000 apeza 64 peresenti, nambala yooneka yanzeru koma yosatanthauza kanthu. Chizindikiro choti mwagawa molakwika chilipo: njira yolakwikayo siingakupatseni phindu lofika 100 peresenti, ngakhale mtengo utakwera kakhumi. Sheya imene yachoka pa K150 kufika pa K420 yapitirira kuwirikiza kawiri, choncho yankho lililonse lochepera 100 liyenera kukukayikitsani. Mizere inayo ikutuluka motere: mafoni atsika ndi 20 peresenti, shuga wakwera ndi 20, nyumba zakwera ndi 60.

Nkhani ya nambala yogawirayi si ya masheya okha. Mu Novembala 2023, banki yaikulu ya Reserve itatsitsa mphamvu ya kwacha, dola imodzi inachoka pa ndalama za pafupifupi K1,180 kufika pa K1,700. Tonse tinamva kuti kwacha yagwa ndi 44 peresenti. Nambala imeneyo imapezeka mukagawa K520 yowonjezerekayo ndi K1,180, ndipo kwenikweni ikunena za kukwera mtengo kwa dola. Mukafunsa kuti kwacha yomweyo inayamba kugula madola ochepa motani, mugawa ndi K1,700 ndipo mupeza pafupifupi 31 peresenti. Manambala onse awiri ndi oona, koma akuyankha mafunso osiyana. Peresenti iliyonse mukaiona, funsani kuti ndi ya chiyani.

Ichi n'chifukwa chake kutsika ndi kukwera sikulingana. Sheya ya mafoni ija yatsika ndi 20 peresenti, kuchoka pa K25 kufika pa K20. Ambiri amaganiza kuti ikadzakweranso ndi 20 peresenti ndiye kuti mwini wake wabweza zake. Ayi ndithu. 20 peresenti ya K20 ndi K4, ndipo ifika pa K24 basi. Kuti ibwerere pa K25 iyenera kukwera ndi K5 pa K20, yomwe ndi 25 peresenti. Dzenje likamakula, kusiyanaku kumakulanso: sheya yotsika ndi theka imafunika kukwera ndi 100 peresenti kuti munthu angofika pomwe anayambira.

Zithunzi zina zimabisa mtengo wogulira n'kungoonetsa mtengo wa lero ndi peresenti. Mpamba mutha kuupezabe pobwerera m'mbuyo, koma osati pochotsera. Tiyerekeze kuti mwangoona K180,000 ndi +20%. Mukachotsa 20 peresenti pa K180,000 mupeza K144,000, zomwe si zoona, poti tikudziwa kuti munthuyu analowetsa K150,000. Choyenera ndi kugawa K180,000 ndi 1.20. Pa mzere woluza uja, mugawa K200,000 ndi 0.80 n'kupeza K250,000, ndipo pa banki mugawa K840,000 ndi 2.80. Mukapeza yankho, liyeseni poyenda nalo kutsogolo: 20 peresenti ya K150,000 ndi K30,000, kuphatikiza pamodzi ndi K180,000. Zatheka.

Mtengo wogulira uja nawo uli ndi nkhani yake, poti anthu ambiri sagula kamodzi. Tinene kuti masheya a banki aja anagulidwa maulendo awiri, 1,500 pa K120 ndipo pambuyo pake 500 pa K240. Wofulumira aphatikiza 120 ndi 240 n'kugawa pawiri, apeza K180. Koma masheya otchipawo anali ochuluka katatu kuposa odulawo, choncho ayenera kukoka mtengo kumbali yawo. Ulendo woyamba anatulutsa K180,000, wachiwiri K120,000, zonse K300,000, ndipo tikagawa ndi masheya 2,000 tikupeza K150. Ngati nambala ya pa foni ikusiyana pang'ono ndi yanu, nthawi zambiri ndi chifukwa cha komishoni ya buloka ndi zolipira zina, zomwe mapulogalamu ena amaziphatikiza mu mtengo wogulira pomwe ena saziphatikiza. Mapepala amene buloka amakupatsani mukagula ndiwo amathetsa mkangano, ndiye musamawataye.

Kodi 73 ija yachokera kuti?

Tili ndi maperesenti anayi: 180, kuchotsa 20, kenako 20 ndi 60. Mukawaphatikiza n'kugawa panayi mupeza 60. Anthu ambiri amachita zimenezi, ndipo n'kulakwa kofanana ndi kwa mtengo wogulira kuja, chifukwa kumaika K50,000 ya ku nyumba pa sikelo imodzi ndi K300,000 ya ku banki ngati kuti n'zolemera mofanana. Maperesenti a mizere yosiyana saphatikizidwa. Zimene zimaphatikizidwa ndi makwacha, ndipo peresenti imabwera pamapeto: K550,000 kugawa ndi K750,000 ndi 73.3 peresenti. Pulogalamuyo sinaname.

Komabe pulogalamu ina, pa manambala omwewa, ikanatha kulemba 57.9. Imeneyo ikanawerengera ndi K200,000 yongokhala ija, n'kunena kuti munthuyu anapereka K950,000 yonse ndipo lero ali ndi K1,500,000. Nayonso sikanakhala ikunama. Yoyamba ikuyankha funso lakuti masheya amene anagulidwa achita bwanji, yachiwiri lakuti ndalama zonse zimene zinatumizidwa kwa buloka zachita bwanji. Ineyo ndimaona kuti yachiwiriyi ndi imene imanena zoona za thumba la munthu, chifukwa ndalama yongokhala nayonso ndi chisankho. Chofunika n'chakuti mukamayerekeza chithunzi chanu ndi cha mnzanu, muyambe mwadziwa kuti nonse mukugawa ndi chinthu chimodzi.

Pali nambala inanso yobiriwira imene imasokoneza, yolembedwa Day Change kapena Today. Imeneyo ikungonena kusintha kwa mtengo kuchokera pa tsiku la malonda lapitalo, ndipo ilibe nawo ntchito mtengo umene inu munagulira. Sheya ikhoza kubiriwira lero ndi 3 peresenti pomwe mwini wake akadali m'dzenje.

Tsopano tibwerere ku K550,000 ija n'kuifunsa kumene yachokera. K540,000 yachokera ku banki. Makampani atatu enawo anadya mpamba wa K450,000, woposa theka la mpamba wonse, ndipo lero akukwana K460,000. Abala K10,000 yokha, kapena kuti 2.2 peresenti. Kunena mosapsatira, mwini chithunzichi sanasankhe bwino kanayi. Anasankha bwino kamodzi, ndipo kamodzi kameneko kakuphimba zina zonse. Palibe cholakwa kupindula ndi kampani imodzi, koma amene akuona 73 peresenti n'kuganiza kuti munthuyu ali ndi diso lodziwa msika, n'kuyamba kugula zonse zimene iye wagula, akhoza kukatola zitatu zogona zija pomwe ya bankiyo yakwera kale.

Ndalama zaunjikana pati

Funso lachiwiri limene chithunzi chimayankha ndi la kagawidwe: pa K100 iliyonse ya chuma chimenechi, ndi zingati zili pa kampani iti? Pano nambala yogawira yasintha. Phindu tinaligawa ndi mpamba chifukwa timayang'ana kumbuyo. Kagawidwe timakagawa ndi mtengo wa lero wa zonse, chifukwa tikufunsa za zimene zili pa ngozi lero.

```
Market Value ÷ Total × 100
```

K840,000 kugawa ndi K1,500,000 ndi 56 peresenti. Mafoni ali ndi 13.3, shuga 12, nyumba 5.3, ndipo ndalama zongokhala zili ndi 13.3. Mukawonkhetsa mupeza 99.9, ndipo musadandaule, kachidutswa kosowako kapita ndi kufupikitsa manambala. Koma zikakwana 87 kapena 112, pali cholakwika: mwina mwasiya mzere, mwina mwagawa mizere ina ndi nambala ina. Mapulogalamu ena sawerengera ndalama zongokhala pojambula kabwalo kogawidwa mitundu kaja. Pamenepo agawa ndi K1,300,000, ndipo banki ioneka pa 64.6 peresenti. Mukaona kuti yankho lanu likusiyana ndi la pa foni mizere yonse, ndipo likusiyana mbali imodzi, yambani mwakayikira chimenechi.

Pa tsiku logula, munthuyu anaika K300,000 mwa K750,000 ku banki, yomwe ndi 40 peresenti ya masheya ake. Mwina anadziuza kuti sakufuna kuika zoposa theka pa kampani imodzi. Lero, osagulako sheya ina ngakhale imodzi, banki yatenga pafupifupi magawo awiri mwa atatu a masheya akewo. Kukwera mtengo kwasintha kagawidwe iye ali m'tulo. Mafoni, amene anali gawo limodzi mwa atatu, atsika kufika pa 15.4 peresenti, mbali ina chifukwa chotsika mtengo koma makamaka chifukwa mnzawo watupa.

Ubwino wodziwa nambala imeneyi ndi wakuti imakuuzani kukula kwa bala lisanachitike. Muchulukitse gawo la kampaniyo ndi kutsika kumene mukuopa. Banki itatsika ndi 25 peresenti, chuma chonse chitsika ndi 25 peresenti ya 56, yomwe ndi 14 peresenti. M'makwacha, K840,000 isanduka K630,000, ndipo K210,000 yapita. Kampani ya nyumba ija, ngakhale itagweratu n'kutsekedwa, ingapite ndi K80,000 yokha. Choncho kampani imene munthuyu ayenera kumawerenga malipoti ake ndi kumvetsera nkhani zake ndi ya mzere wobiriwira kwambiriwo, pomwe mtima wake mwachibadwa umakhala pa mzere wofiira.

Pa msika wathu pali chinanso choyenera kuchenjera nacho. Makampani ake ndi ochepa, angapo mwa iwo ndi mabanki, ndipo ena ndi eni ake a anzawo. Press Corporation ili ndi gawo lalikulu mu National Bank ndi mu TNM, NICO ili ndi gawo lalikulu mu NBS Bank, ndipo ntchito ya NITL ndi kusunga masheya a makampani ena. Munthu akhoza kukhala ndi mizere isanu ndi umodzi pa foni n'kumaganiza kuti wamwaza ndalama zake, pomwe inayi mwa mizereyo imadya mbale imodzi. N'chifukwa chake ndi bwino kuwerengera kagawidwe kawiri, koyamba pa kampani iliyonse, kachiwiri pophatikiza onse a ntchito yofanana: mabanki pamodzi, a mafoni pamodzi, a nyumba pamodzi. Masamu ake ndi omwewo, mumangoyamba mwawonkhetsa makwacha a mizere yofananayo.

Zimene chithunzi sichinena

Chachikulu chimene chimasowa pa zithunzi zonsezi ndi nthawi. 73 peresenti ya miyezi isanu ndi umodzi ndi 73 peresenti ya zaka zisanu ndi nkhani ziwiri zosiyana kotheratu, koma pa foni zimaoneka chimodzimodzi. Tiyerekeze kuti munthu wathuyu anagula zonse zaka ziwiri zapitazo. Kugawa 73.3 pawiri n'kupeza 36.7 pa chaka kumakometsa zinthu, chifukwa phindu la chaka chachiwiri limamera pamwamba pa la chaka choyamba. Njira yoona ndi kufunsa kuti ndi nambala iti imene ikachulukitsidwa ndi iyo yomwe ipereka 1.7333. Pa kakyuleta ndi batani la √, ndipo yankho ndi pafupifupi 1.317, kutanthauza 31.7 peresenti pa chaka.

Nambala imeneyo ikadali yokongola mpaka mutaiika pafupi ndi mitengo ya pa msika wa ufa ndi sopo. M'zaka za 2023 ndi 2024, mitengo ya zinthu m'Malawi inkakwera ndi pafupifupi 30 peresenti pa chaka. Pa liwiro limenelo, katundu wa K750,000 amafika pa K975,000 chaka choyamba, ndipo chaka chachiwiri pa K1,267,500. Masheya a munthu wathuyu ali pa K1,300,000. Ndiye kuti pa K550,000 imene ikunyezimira pa chithunzi, K517,500 yangomuthandiza kuti asabwerere m'mbuyo, ndipo imene yamupititsa patsogolo ndi K32,500, osakwana 3 peresenti pa zaka ziwiri. Sikuti waluza ayi. Amene anasunga K750,000 yake m'nyumba ndiye waluza kwambiri. Koma makampani atatu aja amene abala 2.2 peresenti, kuphatikizapo la shuga lomwe likuoneka lobiriwira, amudyera ndalama mwakachetechete. Kwa amene amatumiza ndalama kuchokera ku Joni kapena ku Mangalande, muyeso wake ndi wa ndalama imene anaitumiza: asinthe mpamba pa mtengo wa tsiku limene anatumiza, asinthe za lero pa mtengo wa lero, ndiyeno ayerekeze. Ambiri amene anagula chisanafike chitsitso cha mu 2023 amapeza kuti phindu lawo m'marandi kapena m'mapaundi ndi locheperapo kuposa la m'makwacha.

Mbali ina chithunzi chimamuchepetsera mwini wake. Dividendi, lomwe ndi gawo la phindu limene kampani imagawira eni masheya, nthawi zambiri imapita ku akaunti ya kubanki ndipo siioneka pa tsambali. Banki ija itakhala kuti inapereka K12 pa sheya iliyonse, ndiye kuti ndi K24,000, ndipo akadulapo msonkho wa 10 peresenti munthu amalandira K21,600. Imeneyo iyenera kuphatikizidwa pa phindu musanagawe ndi mpamba. Chimodzimodzinso masheya amene anagulitsidwa kale: akachoka pa mndandanda amapita ndi mbiri yawo, kaya inali ya phindu kaya ya misozi. Munthu amene wagulitsa zoluza zake zonse dzulo akhoza kukuonetsani tsamba lobiriwira lokhalokha lero.

Samalaninso ndi zithunzi ziwiri zoikidwa pamodzi, china cha Januwale chosonyeza K1,000,000, china cha Disembala chosonyeza K1,500,000, pansi pake n'kulemba kuti 50 peresenti. Funso ndi lakuti pakati apo analowetsamo zina zingati. Ngati anawonjezera K200,000 kuchokera ku malipiro ake, imeneyo si phindu, ndi thukuta lake lomwe, ndipo zimene msika wamupatsa ndi K300,000.

Chomaliza ndi mtengo wa lero womwewo. Price ndi mtengo umene malonda omaliza anachitikira, ndipo si lonjezo loti pali munthu amene akudikira kugula anu pa mtengo umenewo. Pa msika waung'ono ngati wathu, masheya a makampani ena amatha masiku osagulidwa, ndipo mtengo ukhoza kusunthidwa ndi malonda ochepa kwambiri. Wofuna kugulitsa masheya ambiri tsiku limodzi nthawi zina amadikira, kapena amatsitsa mtengo. Pamwamba pake pali zolipira pogulitsa. Titangoyerekeza kuti zonse pamodzi ndi 2 peresenti, pa K1,300,000 pachoka K26,000, ndipo mukukumbukira kuti phindu lenileni lija linali K32,500. Mlingo weniweni wa komishoni ndi misonkho ya pogulitsa mufunse buloka wanu musanagulitse, chifukwa zimenezi zimasintha. Kufikira tsiku limene masheya agulitsidwa ndipo ndalama zalowa mu akaunti, K550,000 ija ndi ya papepala.

Ngati chithunzicho ndi chanu ndipo mukufuna wina akuthandizeni kuwerengera, phimbani dzina lanu ndi nambala ya akaunti musanatumize, koma musadule mitu ya pamwamba, tsiku, kapena mzere wa pansi, chifukwa popanda zimenezo wokuthandizaniyo azingolota. Ngati ndi cha wina amene akukuitanani kuti mumupatse ndalama akakuikireni, mufunseni tsiku limene anagula, ndalama zimene analowetsa, ndi dzina la buloka wovomerezeka amene akusunga masheyawo. Akayamba kuzungulira pa mafunso amenewa, musatumize ndalama.